Tivale chiyani pa basi ya ku Joni kapena pa ndege? Mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri akakhala kuti tikiti yagulidwa kale, katundu wamangidwa, kwangotsala kusankha choti avale. Mayankho ambiri akunena za ulendo wa basi wochoka ku Blantyre kapena ku Lilongwe kupita ku Johannesburg, chifukwa ndi umene umayesa zovala kwambiri. Za ndege zili chakumapeto.

Kodi ndivaliretu zovala zimene ndikufuna akandione nazo pofika?

Ayi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo amalakwitsa ndi mtima wabwino. Ife tinakula tikudziwa kuti munthu akamapita kutali amasamba, amatchena, amanyamuka atavala zimene amasungira Lamulungu. Pa ulendo wa ku Zomba kapena ku Mulanje zimenezo n'zotheka. Koma kuchoka pa Wenela kukafika pa Park Station ndi makilomita oposa 1,700, ndipo basi imatha tsiku ndi theka, nthawi zina masiku awiri mizere ikatalika pamaboda. Palibe shati yoyera imene ingakhalidwe maola oposa 30, n'kugonedwa pampando, n'kudyeredwa chipisi ndi nkhuku pamiyendo, kenako n'kufika ikuonekabe ngati yochoka pa simbi.

Choncho zovala zikhale ziwiri: zoyendera ndi zofikira. Zoyendera ntchito yake ndi kupirira thukuta, fumbi, tulo ndi kuzizira. Zofikira zikhale zopindidwa bwino m'kachikwama kamene muli nako pampando, ndipo muzivale ulendo utatsala pang'ono kutha. Zonse zimene zili m'munsimu zikuchokera pamfundo imeneyi.

Ndamva kuti ku Tete kumatentha, ena akuti m'basi mumazizira. Ndikonzekere chiti?

Konzekerani zonse, chifukwa zonse mukumana nazo pa ulendo umodzi womwewo. Msewu umenewu umatsika n'kukwera, ndipo nyengo imatsatira mtunda.

Basi zambiri zimanyamuka m'mawa. Mukadutsa pa Mwanza n'kulowa pa Zobue, kapena pa Dedza n'kulowa pa Calomue ngati mwachokera ku Lilongwe, msewu umatsetsereka mpaka kuchigwa cha Zambezi. Tete ndi mzinda wotsika kwambiri, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mumadutsako masana, dzuwa lili paliwombo kapena litangopendeka. Pa Cuchamano ndi pa Nyamapanda mumatsika n'kuima pamzere, nthawi zina padzuwa. Apa munthu amene wavala juzi yokhuthala popanda kanthu kopepuka mkati amavutika, chifukwa alibe choti avule.

Kuchoka pa Nyamapanda msewu umakwera kupita ku Harare, mzinda umene uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo kawirikawiri mumafikako kutada. Usiku wonse mumayenda kudutsa ku Masvingo kulowera ku Beitbridge. Uwu ndi usiku umene thukuta la ku Tete limakubwererani: malaya onyowa akakumana ndi mphepo ya makina oziziritsa m'basi, kapena ya pazenera losatsekeka bwino, mumanjenjemera ngakhale mwezi uli wotentha. Beitbridge nako ndi kotsika, m'mbali mwa Limpopo, kotero masana kumatentha, koma mukafikako mbandakucha mu Juni mumaima pamzere manja ali m'khwapa. Pomaliza pali Johannesburg, pamtunda wa mamita oposa 1,700, komwe mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka pafupi ndi madigiri 4, ndipo masiku ena m'mawa mumapeza chisanu chayera pa udzu. Kuzizira kwake n'kouma, kosiyana ndi chiperoni cha ku Blantyre, ndipo kumang'amba milomo.

Yankho lake ndi kuvala mosanjikiza, zitatu. Mkati tisheti kapena bulauzi yopepuka imene mungayende nayo yokha pagulu osachita manyazi. Pamwamba pake juzi yopyapyala kapena shati ya manja aatali yotsegula kutsogolo. Pamwamba pa zonse jekete yotchinga mphepo. Zovala ziwiri zopyapyala zimafunda bwino kuposa chimodzi chokhuthala, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pake ndi umene umasunga kutentha kwa thupi. Ndipo juzi ya zipi kapena ya mabatani imaposa yovulira kumutu: pampando wa basi mulibe malo otambasulira manja, ndipo mnzanu wa pambali safunika kugundidwa ndi chigongono kasanu usiku umodzi.

Ndi nsalu iti imene ili yabwino? Pa kaunjika ndiyang'ane chiyani?

Tembenuzani chovalacho muwerenge kansalu kakang'ono kosokeredwa mkati, m'mbali kapena pakhosi. Kamalemba zimene nsaluyo yapangidwa nazo.

Thonje lenileni, lolembedwa kuti 100% cotton, limamveka bwino pakhungu ndipo silinunkha msanga. Vuto lake ndi lakuti likamwa thukuta limachedwa kuuma, komanso limachita makwinya. Poliyesita yekhayekha sachita makwinya ndipo amauma msanga, koma amasunga fungo la m'khwapa, moti tsiku lachiwiri mumadzimva nokha. Chimene ine ndimasankha pa chovala chamkati ndi nsalu yosakaniza, thonje lochulukirapo ndi poliyesita pang'ono. Pa thalauza kapena siketi, yang'anani mawu akuti elastane kapena spandex: ngakhale atakhala 2% kapena 3% yokha, nsaluyo imatamuka mukakhala pansi n'kubwerera mukaimirira. Juzi ya ubweya wa nkhosa yopyapyala ndi chuma mukaipeza, chifukwa imafundabe ngakhale itanyowa pang'ono ndipo sigwira fungo msanga. Nsalu yolembedwa linen isiyeni, ngakhale imakongola: imakwinyika basi isanafike n'komwe pa Mwanza.

Kansalu kaja kakakhala kuti kanadulidwa, pali njira yoyesera pomwepo pamsika. Fumbatani mbali ina ya nsaluyo mwamphamvu, werengani mpaka khumi, kenako tambasulani. Ngati mizere yatsala yoonekeratu, dziwani kuti kumbuyo kwa siketi kapena m'mabondo a thalauza mudzakhala momwemo. Ngati yabwerera mwakale, ndiyo ya ulendo.

Za mtundu: zakuda bii zimaonetsa fumbi ndi timaubweya ta bulangete, zoyera zimaonetsa chilichonse. Zabuluu wakuda, zotuwa, zakhofi ndiponso zamaluwamaluwa zimabisa zambiri. Tisheti yotuwa mopepuka yokha ndi imene ndingakuchenjezeni, chifukwa thukuta limaonekera kwambiri pamsana.

Nanga jinzi?

Jinzi yotamuka, yosathina m'chiuno, ndi yabwino. Jinzi yolimba yothina ndi chilango. Mukakhala maola ambiri mimba imafufuma, makamaka mukamwa zakumwa za gasi, ndipo batani lachitsulo lija ndi lamba zimayamba kudinda pamchombo. Msoko wokhuthala wa pakati ndi kuseri kwa mabondo nawonso umatikita khungu lonyowa.

Muiyese kunyumba musananyamuke: khalani pampando wolimba kwa theka la ola, ndipo muone ngati zala ziwiri zikulowa pakati pa mimba ndi thalauzalo. Zikakana, valani lina. Thalauza la thirakisuti la mtundu umodzi wakuda, lopanda mizere yowala m'mbali, limaoneka laulemu mokwanira pamaboda, ndipo n'losavuta kugona nalo.

Mapazi anga amatupa pa ulendo. Ndivale nsapato zotani?

Kutupako sikuchitikira inu nokha. Magazi amakwera kuchoka kumapazi mothandizidwa ndi minofu ya katumba, imene imafinya mitsempha tikamayenda. Mukakhala phee miyendo ili lende kwa maola ambiri, madzi amatsalira m'mapazi ndi mu akakolo. N'chifukwa chake nsapato imene inakukwanani bwino pa Wenela imakana kulowa pa Beitbridge.

Sankhani nsapato zotseka, zafulati, zomanga ndi zingwe kuti muzitha kumasula mapazi akayamba kudzaza. Zikhale zimene mwayenda nazo kale. Nsapato yatsopano ndi ya chidendene chachitali zikhale m'chikwama, n'zofikira. Patapata yekha sakwanira: pamaboda mumayenda, mumatsitsa ndi kukweza katundu, mumalowa m'zimbudzi zonyowa pansi, ndipo usiku mapazi amazizira kuposa thupi lonse chifukwa mphepo imayenda pansi pa mipando. Ngati mukufuna kupumitsa mapazi, nyamulani patapata wopepuka woti muvale ndi sokosi mutakhala pampando, koma basi ikamayandikira boda bwezerani nsapato nthawi ikadalipo.

Sokosi zikhale ziwiri kapena zitatu, ndipo zisakhale za labala yoluma. Mukavula sokosi n'kuona mzere wozama wozungulira mwendo, labala imeneyo ikutsekereza magazi.

Pali nkhani yaikulu kuposa kutupa, ndipo ndikufuna muimvetse. Kukhala osasuntha kwa maola opitirira anayi, kaya m'basi kaya m'ndege, kumawonjezera mpata woti magazi aundane m'mitsempha ya mkati mwa mwendo. Bungwe la World Health Organization linapeza kuti chiopsezocho chimawirikiza pafupifupi kawiri, ngakhale kuti kwa munthu wathanzi chimakhalabe chochepa. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene, amene achitidwa opaleshoni posachedwa, onenepa kwambiri, amene akumwa mapiritsi olera okhala ndi esitirojeni, ndi amene magazi anawaundanapo kale. Kwa anthu otere kuli sokosi zapadera zofika pansi pa bondo, zothina kwambiri pakakolo n'kumamasuka pokwera, zimene zimagulitsidwa m'mafamase. Zimagulidwa poyeza kukula kwa kakolo ndi katumba, osati pongoyerekeza, ndipo zimavalidwa m'mawa mapazi asanatupe, zosapindidwa pamwamba. Amene ali ndi shuga kapena vuto la kayendedwe ka magazi m'miyendo afunse kaye kuchipatala asanazivale.

Kusiyanitsa kwake n'kotere. Kutupa wamba kumagwira mapazi onse awiri, sikupweteka kwenikweni, ndipo kumaphwa mukagona miyendo itakwezedwa. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba akumapweteka ndi kutentha, kapena mukayamba kubanika ndi kumva kupweteka pachifuwa, ngakhale patatha masiku mutafika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze kuti mwachoka pa ulendo wautali.

Amayi, chitenje n'chofunikadi kapena ndi chizolowezi chabe?

N'chofunika, ndipo ndinganene kuti palibe chovala china chimene chimagwira ntchito zambiri pa ulendowu. Masana chimatchinga dzuwa la pazenera. Podya chimayalidwa pamiyendo kuti msuzi usagwere pa siketi. Usiku chimafunditsa mapewa kapena mapazi, ndipo chikakulungidwa chimakhala mtsamiro wa khosi. Basi ikaima patchire, mnzanu amakutchingirani nacho. Posintha zovala m'chimbudzi chopanda loko wabwino, ndi chomwecho chimene chimakusungirani ulemu. Nyamulani ziwiri: chimodzi chakale chogwiritsa ntchito panjira, china chosita chofikira. Abambo nawonso sataya kanthu atapempha chitenje chimodzi kunyumba n'kuchiika m'chikwama.

Chimene sindilimbikitsa ndi kuyenda mutangomanga chitenje pamwamba pa siketi yothina. Valani legini kapena thalauza lotamuka ndi bulauzi yaitali yofika m'ntchafu, kapena diresi lotakasuka lofika pansi pa mabondo ndi legini mkati. Mukatero mungagone miyendo mutaipinda mmene mungafunire popanda kudzuka n'kumakoka nsalu.

Ndi zovala ziti zimene zimavutitsa m'zimbudzi zapanjira ndi pamaboda?

Chilichonse chimene chimafuna kuvula kuchokera pamapewa kuti mudzithandize. Jampusuti ndi ovolosi ndi zoyamba kukana. Thalauza lotambalala kumapazi ndi diresi lalitali lokhudza pansi zimapukuta madzi a pansi pa chimbudzi, ndipo fungo limenelo mumayenda nalo mpaka kumapeto. Basi imaima mphindi zochepa, mzere wa amayi umakhala wautali, kondakitala akuitana, choncho chovala chikhale choti mumasule ndi dzanja limodzi pamene lina lagwira chikwama.

Ganiziraninso za matumba. Pa ulendowu pasipoti imatuluka ndi kubwerera kambirimbiri, chifukwa maboda ndi atatu ndipo iliyonse ili ndi mbali yotulukira ndi yolowera. Jekete ya thumba lamkati la zipi, kapena kachikwama kakang'ono kopachika modutsa pachifuwa n'kuphimbidwa ndi juzi, n'kumene kumayenera kukhala pasipoti, foni, cholembera ndi ndalama zochepa zogwiritsa ntchito. Thumba lakumbuyo la thalauza si malo a pasipoti: imapindika, imanyowa ndi thukuta, ndipo dzanja la wina limafikapo mosavuta pamzere. Ndalama zambiri zikhale mkati mwa zovala, pamalo poti simukhudzapo pagulu. Ndipo pasipoti isamakhale m'jekete imene mwaivula n'kuisiya pampando kapena pashelefu ya pamwamba.

Ndili ndi thalauza la mawanga ngati la asilikali. Lili ndi matumba ambiri, ndingalivale?

Lisiyeni kunyumba. Ku Zimbabwe malamulo saloleza munthu wamba kuvala zamawanga a asilikali, ndipo basi ya ku Joni imadutsa dziko lonselo kuchoka kumpoto mpaka kumwera. Ku Zambia nakonso n'zoletsedwa. Izi zikukhudzanso chipewa, jekete ndi kabudula wa mwana. Zovala za chipani cha ndale, cha dziko lililonse, nazonso si zoyenda nazo m'maiko a eni.

Tandiuzani mwatsatanetsatane: ndikupita ku Joni mu Julayi, ndipo tsiku lofikalo ndikukakumana ndi abwana amene akufuna kundilemba ntchito. Ndichite bwanji?

Tiyerekeze kuti ndinu mayi, mukuchoka ku Blantyre m'mawa. Ponyamuka valani legini yakuda yokhuthala bwino, bulauzi yaitali ya manja aafupi, juzi ya mabatani, sokosi ndi nsapato za zingwe. Jekete igwireni m'manja pamodzi ndi chipewa chaubweya ndi chitenje chakale. Tsitsi limangeni mpango wofewa.

M'kachikwama ka pampando muikemo zofikira, zokulungidwa m'jumbo yakeyake kuti zisakhudzane ndi chakudya kapena mafuta odzola: thalauza kapena siketi yakuda yosakwinyika, bulauzi yoyera bwino, zamkati zosinthira kawiri, sokosi ziwiri ndi nsapato zafulati zopukuta. M'kajumbo kena muikemo mswachi ndi mankhwala ake, kathaulo kakang'ono, kasopo, mafuta opaka m'khwapa, mafuta a milomo, chipeso, tishu ndi jumbo yopanda kanthu yoikamo zakuda. Zonsezi zisapite m'chikwama chachikulu. Chikwama chachikulu chikalowa pansi pa basi kapena m'ngolo yokokedwa kumbuyo, chimapanikizidwa ndi katundu wa anthu ena, ndipo simuchionanso mpaka pamene apaboda alamula kuti zonse zitsitsidwe.

Mukamatsetsereka kupita ku Tete vulani juzi musanayambe kutuluka thukuta, osati mutanyowa kale. Pa Nyamapanda, mukadinditsa, ngati mpata ulipo pukutani m'khwapa ndi pamsana ndi kathaulo konyowa, kuti usiku ukupezeni muli wouma. Bulauzi ikakhala yanyowa kwambiri, ndi bwino kukhala ndi tisheti ina yogonera. Dzuwa likalowa bwezerani juzi, ndipo podutsa Harare onjezerani jekete, chipewa ndi sokosi zachiwiri, chitenje chikulunge miyendo.

Musasinthe pa Beitbridge. Anthu ambiri amafulumira kusintha pamenepo poganiza kuti afika, koma pali kunyamula katundu, pali fumbi, pali kudikira, ndipo kutsogolo kudakali makilomita oposa 500 pamsewu wa N1, kudutsa Musina ndi Polokwane. Pamenepo ingotsukani mkamwa ndi kumaso, musinthe zamkati ndi sokosi ngati malo alola. Zofikira muzivale pamalo omaliza amene basi imaima kuti anthu adye kapena ithire mafuta. Mufunseni kondakitala kudakali nthawi kuti, "Achimwene, malo omaliza kuima tisanalowe mu Joni ndi pati?" Basi ikangoima pitani kuchimbudzi poyamba, chakudya pambuyo. Pondani pamwamba pa nsapato zanu posintha kuti sokosi zisanyowe, ndipo jumbo ya zofikira muipachike pachitseko kapena m'khosi. Mukabwerera pampando yalani chitenje pamiyendo, ndipo musadyenso za msuzi.

Nsapato zofikira muzivale pomalizira penipeni, ndipo ngati zakana chifukwa cha kutupa, musakakamize: pukutani za zingwe zija ndi kathaulo, zikhala bwino kuposa kukafika mukutsimphina. Jekete ikhale yooneka bwino ndithu, chifukwa mu Julayi ndi imene abwanawo adzaione poyamba. Komanso ngati n'kotheka pemphani kuti mukumane tsiku lotsatira. Nthawi yofikira basi imeneyi siidziwika bwino, ndipo maso ofiira ndi tulo palibe chovala chimene chingawabise.

Ndikupita ku ukwati ndipo ndikufunika suti. Ndiivale kapena ndiilongedze?

Thalauza la suti ndi shati zilongedzeni. Jekete yake ili ndi njira ziwiri. Ngati ndi ulendo wa ndege wa maola awiri kapena atatu, monga kuchoka pa Chileka kupita ku Johannesburg, ivaleni pokwera, ndipo mukakhala pansi muivule n'kuiika pamwamba pa katundu wina aliyense m'kabati ya pamwamba. Pa basi ilongedzeni: itembenuzeni kuti nsalu yamkati ikhale kunja, lowetsani phewa limodzi m'linzake, ikani tisheti yokulunga pakati, kenako pindani kamodzi mofewa. Ikhale pamwamba m'sutikesi yolimba, osati m'chikwama chofewa chimene wina adzachikhalira.

Shati imangeni mabatani onse, ipindeni pa katoni yopyapyala, ndipo m'kolala muzungulizemo lamba wokulunga kuti isaphwanyike. Tayi ikulungeni, musaipinde. Mukafika tulutsani zonse nthawi yomweyo n'kuzipachika. Makwinya ang'onoang'ono amatha mukapachika chovala m'bafa momwe muli nthunzi ya madzi otentha, kapena mukachiwaza timadzi pang'ono n'kuchisalaza ndi manja. Suti musaisite simbi ikukhudza nsalu mwachindunji, chifukwa imasiya chizindikiro chonyezimira chimene sichichoka. Yalani kansalu konyowa pamwamba pake.

Kodi pa ndege n'chimodzimodzi?

Mfundo ya kusanjikiza ndi ya nsapato zomasuka ndi yomweyo, koma pali zosiyana zitatu.

Choyamba ndi chipata chofufuzira. Lamba wachitsulo, jekete, wotchi yaikulu, makoyini ndi makiyi zimachotsedwa n'kuikidwa m'thireyi, ndipo m'mabwalo ena amavulitsanso nsapato, makamaka majombo. Mukamasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg mungadutse pachipata chotere kachiwiri. Valani zosavuta kuvula, zibangili ndi mikanda yachitsulo zikhale m'chikwama, ndipo sokosi zikhale zosabooka chifukwa mungayende nazo pagulu. Mafuta odzola, perefyumu ndi mankhwala otsukira mano za m'chikwama cha m'manja zikhale m'timabotolo tosapitirira mamililita 100, apo ayi mungazisiye pachipata.

Chachiwiri ndi mpweya. M'ndege mpweya ndi wouma kwambiri, chinyezi chake nthawi zambiri sichifika pa 20%, ndipo mphamvu yake imafanana ndi ya pamwamba pa phiri la mamita 1,800 mpaka 2,400. Chifukwa cha zimenezi mpweya wa m'mimba umafufuma, lamba amathina, khungu limatuwa ndipo milomo imauma. Dzolani bwino musanakwere, makamaka m'manja, m'zigongono ndi mu akakolo, imwani madzi, ndipo m'chiuno mukhale motakasuka. Mpando wa pazenera ndi wa pafupi ndi chitseko umazizira kuposa ina, ndipo kabulangete ka m'ndege n'kopyapyala.

Chachitatu ndi katundu. Sutikesi yaikulu ikhoza kutsalira pamalo osinthira ndege n'kubwera mawa lake. Zofikira ndi zamkati za tsiku limodzi zikhale m'chikwama cha m'manja. Kusintha n'kosavuta m'chimbudzi cha pabwalo la ndege, mukatsika musanatuluke kumene akukudikirani, kusiyana ndi m'kachimbudzi ka m'ndege momwe simungathe n'kutembenuka komwe. Ndipo m'kachimbudzi kameneko musalowe ndi sokosi zokha, pansi pake sipakhala pouma.

Ndikupita ku Britain mu Januwale, koma ku Lilongwe kukutentha. Chikhoti ndichiike kuti?

Chigwireni m'manja pokwera. Chikhoti chovala kapena chogwira sichiwerengedwa pa kulemera kwa katundu, pamene m'sutikesi chimadya malo ndi makilo. Mudzachifunanso panjira, chifukwa bwalo la Bole ku Addis Ababa lili pamtunda wa mamita oposa 2,300 ndipo usiku kumazizira. Ku London mu Januwale masana kumakhala pafupi ndi madigiri 8 kapena kutsikirapo, kuli mphepo ndi kamvula, ndipo kumada cha m'ma 4 koloko madzulo. Chipewa, sikafu ndi magolovesi zikhale m'matumba a chikhoticho. Ndege ikatsala pang'ono kutera valani sokosi zokhuthala ndi juzi. Nsapato zikhale zosalowa madzi. M'sitima ndi m'nyumba za kumeneko mumatenthetsedwa, choncho mkati muvale zoti mukavula chikhoti musaoneke ngati mwavala zogonera.

Tsitsi ndi fungo ndithane nazo bwanji?

Kuluka ndi kumene kumapirira ulendo, koma lukitsani masiku angapo musananyamuke. Tsitsi longolukidwa dzulo limakoka khungu, ndipo simungatsamire mutu pampando. Mfundo yaikulu kumbuyo kwa mutu imakankhira khosi kutsogolo usiku wonse, choncho mangani pamwamba kapena chakumbali. Wigi iyende m'kajumbo kake, inu muyende ndi mpango, n'kuivala pomwe mukusintha zovala. Abambo mumete tsiku loti mawa ulendo.

Perefyumu sachotsa thukuta, amangosakanikirana nalo, ndipo m'basi yotseka mazenera amadwalitsa mutu ndi kuchititsa nseru anzanu. Chothandiza ndi madzi: pukutani m'khwapa ndi kathaulo ndi kasopo, umitsani, pakani mafuta a m'khwapa, valani chovala chouma. Zodzoladzola zakumaso zidikire mpaka pomaliza.

Mwana wamng'ono ndimuveke chiyani?

Zofewa, zosanjikiza ngati zanu, zotsegula pansi kuti thewera lisinthidwe pamiyendo. Musamukulunge mabulangete atatu ku Tete chifukwa choopa chimfine. Gwirani kumbuyo kwa khosi lake: pakakhala ponyowa watenthedwa, pakakhala pozizira muonjezereni. Zosinthira zake zikhale zitatu kapena zinayi, ndipo inunso mukhale ndi bulauzi ina yapadera, chifukwa mwana akasanza amasanzira amene wamunyamula. Oyamwitsa avale zotsegula kutsogolo.

Ndikubwerera kumudzi ku maliro kuchokera ku Joni. Ndifike nditavala bwanji?

Apa zofikira n'zofunika kuposa pa ulendo wina uliwonse, chifukwa nthawi zambiri simupita kaye kunyumba. Mukatsika basi yaikulu mumakwera minibasi, mwina n'kumalizira pa kabaza, n'kufikira pasiwa pomwe anthu asonkhana kale.

Amayi, legini kapena thalauza loyendera lija musalivule ngati kutsogolo kuli kabaza, limakuthandizani kukhala bwino panjinga. Koma chitenje chosita ndi mpango zikhale pamwamba penipeni m'chikwama cha m'manja. Mukatsala pang'ono kulowa m'mudzi muuzeni wakabaza aime, sasani fumbi, mangani chitenje chofika mu akakolo, mangani mpango, valani bulauzi yophimba mapewa, ndipo ndolo zazikulu ndi zonyezimira zichotseni. Ngati ndinu a chigwirizano kapena a bungwe la amayi kumpingo, yunifolomu ikhale m'jumbo yakeyake yodikira tsiku loika. Nsapato zikhale zosavuta kuvula, chifukwa mukalowa m'nyumba mukakhala pamphasa.

Abambo, thalauza lalitali la mtundu wosawala ndi shati ya kolala n'zokwanira, kabudula ndi vesiti ayi. Chipewa ndi magalasi adzuwa zivuleni musanafike pamene pakhala akuluakulu. Jekete yofunda ija musaipereke kwa mphwanu pofika, ngakhale akupempheni, chifukwa amuna amagona panja pamoto, ndipo mu Juni ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mzimba usiku wa pamaliro umazizira kwambiri.